Mizere ikayamba kukhota: nthenda ya makyula ndi jakisoni wa m'diso

Musanapitirire kuwerenga, tachitani kaye ichi. Yang'anitsitsani liwu limodzi pakati pa mzere uno, ndipo osasuntha diso ngakhale pang'ono, yesani kuwerenga mawu amene ali mizere inayi m'munsimu. Mukuona kuti pali zilembo, koma kuti muziwerenge, ayi ndithu, zikukanika. Timaganiza kuti diso limaona chilichonse bwinobwino nthawi imodzi, koma ndi chinyengo cha ubongo chimenecho. Malo amene timaona mwakuthwa ndi ochepa kwambiri, ngati chikhadabo cha chala chachikulu mukatambasula mkono. Diso limangodumphadumpha msangamsanga, ubongo n'kumalumikiza zidutswazo.

Mu Fomu 3 ndimaphunzitsa kuti kumbuyo kwa diso, m'kati mwake, kuli kansalu kopyapyala kolandira kuwala kotchedwa letina. Pakatikati pa letina pali kadera kachikasu, kotambalala mamilimita 5 ndi theka basi, kochepa kuposa njere ya chimanga. Dzina lake ndi makyula. Pamenepa ndi pamene maselo oona mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono anathithikana kwambiri. Kuwerenga, kulowetsa ulusi pasingano, kusankha nyemba zofumbwa m'lichero, kuzindikira nkhope ya munthu amene akubwera patsogolo panu, zonsezi ndi ntchito ya makyula. Letina yotsalayo imaona za m'mbali: kuti pali mtengo apa, kuti njinga ikubwera uko.

Nthenda imene ndikufuna tikambirane imawononga kadera kameneka mwa anthu achikulire, makamaka opitirira zaka 55 kapena 60. Sichititsa mdima wa bii. Munthu amatha kuyenda yekha kuchokera kunyumba mpaka pamsika wa pa Dedza boma osagwa m'ngalande, amaliona phiri la Dedza kumbali kwa diso, koma akakuyang'anani pankhope amaona chibanga chotuwa pamene payenera kukhala maso ndi mphuno zanu. N'chifukwa chake achibale ena amamunena kuti akunamizira. "Agogo amati saona, koma taonani atola ndalama pansi!" Anaitola poiona ndi m'mbali mwa diso. Muwapatse ndalama yomweyo kuti awerenge nambala yake, alephera.

Si ng'ala

Kwathu kuno wachikulire akayamba kusaona bwino, aliyense amati ndi ng'ala. Nthawi zambiri amakhala akulondola, pakuti ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri ku Malawi, ndipo anthu ochuluka a ku Dedza anaonanso atachitidwa opaleshoni ya ng'ala ku chipatala cha maso cha Nkhoma. Ng'ala ili kutsogolo kwa diso. Kagalasi ka m'diso kamachita mtambo, chilichonse n'kumaoneka ngati nkhungu ya m'mawa wa mwezi wa Juni ku Bembeke, pakati ndi m'mbali momwe. Dokotala akachotsa kagalasiko n'kuikamo kena, munthu amaonanso, ngakhale atachedwa miyezi ingapo.

Nthenda ya makyula ili kumbuyo. Mukamuyang'ana wodwalayo, diso lake n'loyera bwino, kamwana ka diso n'kakuda monga mwa nthawi zonse, silipweteka, silitulutsa misozi. Ndipo maselo oona a letina akafa samera ena. Apa ndiye pali msampha: munthu amakhala kunyumba akudikira kuti "ng'ala ikhwime", pamene kumbuyo kwa diso zinthu zikuwonongeka sabata ndi sabata. Kafukufuku wa m'maiko ena anasonyeza kuti nthendayi imafika poipa kawirikawiri mwa azungu kuposa mwa anthu akuda, koma zimenezo sizikutanthauza kuti ife inatilambalala.

Youma ndi yonyowa

Kuti mumvetse kusiyana kwa mitundu iwiri ya nthendayi, ganizirani makyula ngati nyumba yosanjikizana. Pamwamba pali maselo oona. Maselo amenewa amagwira ntchito yakalavulagaga, amadya okosijeni wambiri, ndipo tsiku lililonse amataya nsonga zawo zakutha n'kupanga zatsopano. Pansi pawo pali mzere umodzi wa maselo akuda amene ntchito yawo ndi kudyetsa maselo oonawo ndi kumeza zinyalala zawo. Ine ndimawatcha maselo osamalira. Pansi pa osamalirawo pali kachikopa kopyapyala zedi, ngati simenti ya pansi pa nyumba, ndipo pansi pa simentiyo ndi pamene pali mitsempha ya magazi yobweretsa chakudya.

Pakatha zaka 60 kapena 70 akusesa tsiku ndi tsiku, maselo osamalira amatopa. Zinyalala za mafuta ndi mapuloteni zimayamba kuunjikana pakati pa iwo ndi simenti ija. Dokotala akaunika m'diso amaziona ngati timadontho tachikasu, totchedwa duluzeni. Timadontho tochepa ting'onoting'ono timapezeka mwa okalamba ambiri ndipo sitivuta. Tikakula ndi kuchuluka, chakudya chimavutika kudutsa, maselo osamalira amafa pamalo ena, ndipo maselo oona amene ali pamwamba pawo amafa nawo ndi njala. Pamatsala timadazi, ngati malo m'munda pamene mbewu sinamere. Uwu ndiye mtundu wouma. Mwa odwala 10 alionse, 8 kapena 9 ali ndi umenewu. Umayenda pang'onopang'ono, zaka ndi zaka. Munthu amayamba wafuna nyale yowala kwambiri kuti awerenge Baibulo kapena Kurani, akalowa m'nyumba kuchokera padzuwa maso amachedwa kuzolowera, kenako zilembo zina m'mawu zimayamba kusowa.

Mtundu wonyowa ndi wina. Maselo akamaperewera okosijeni amakuwa kupempha thandizo, ndipo kukuwa kwawo ndi kutulutsa puloteni yotchedwa VEGF. Uthenga wa VEGF ndi umodzi: merani mitsempha yatsopano ya magazi. Pabala la pamwendo uthengawu ndi wabwino, ndi umene umathandiza kuti bala lipole. Pamakyula ndi tsoka. Mitsempha yatsopano imachokera pansi, n'kuboola simenti ija monga mizu ya kachere imang'ambira khoma, n'kulowa pamene sipayenera kukhala mtsempha. Choipa china n'chakuti mitsemphayi ndi yomangidwa mwaphuma, makoma ake ndi obooka. Imachucha madzi, nthawi zina magazi. Makyula amatupa, n'kutukuka pamalo pake.

Tsopano ganizirani kanema amene akuonetsedwa pa chinsalu. Wina akakankha chinsalucho kumbuyo ndi chibakera, chithunzi chimapindika pamalopo ngakhale makina oonetsera ali bwinobwino. N'zimene zimachitika m'diso. Mphuthu ya chitseko imaoneka yokhota, mtengo wa magetsi umaoneka ngati wathyoka pakati, mizere ya m'kope imachita mafunde. Izi zimabwera m'masiku kapena masabata ochepa, osati zaka. Madziwo akakhalitsa, pamalopo pamapangika chipsera, ndipo chipsera sichiona. Mtundu wonyowa umagwira anthu ochepa, koma m'mbuyomu, mankhwala asanapezeke, ndiwo unkachititsa ambiri mwa odwala nthendayi kutaya kuona kwa pakati.

Musaganize kuti ndi nthenda ziwiri zosiyana kotheratu. Wonyowa nthawi zambiri umaphuka pa wouma. Diso limene lakhala ndi duluzeni zaka 10 likhoza kuyamba kuchucha mwezi uno.

Atelala a kwathu

Pafupi ndi kwathu pali abambo ena a zaka 71, atelala, amene akhala akusoka mayunifolomu a ana asukulu kuyambira ine ndisanabadwe. Fodya wa chingambwe anayamba kusuta ali mnyamata. Tsiku lina ndikudutsa pakhonde lawo anandiitana.

"Aphunzitsi, tabwerani. Msoko uwu ndi wowongoka?"

"Wowongoka bwino, abambo."

"Ndiye ndi diso langatu. Ndausula kawiri, ndikuuona wokhota."

Ndinawapempha kuti atseke diso limodzi ndi dzanja n'kuyang'ana mphuthu ya chitseko, kenako atseke linalo. Ndi diso lamanja mphuthu inali yowongoka. Ndi lamanzere inali yopindika pakati, pali kachibanga kotuwa. Iwo eni anadabwa, chifukwa maso onse ali otsegula diso labwino linkaphimba zolakwa za linzake. Anthu ambiri amachedwera pamenepa.

Kuchipatala anawayeza pa tchati cha zilembo chija. Diso lamanzere linapeza 6/36. Tanthauzo lake n'lakuti chilembo chimene diso labwino limawerenga lili pa mamita 36, iwo ankachiwerenga atayandikira pa mamita 6. Anawathira mankhwala okulitsa kamwana ka diso kuti aone kumbuyo, ndipo atapeza kuti vuto si ng'ala anawatumiza kwa katswiri wa maso mumzinda. Umu ndi mmene zimayendera kwa ife a kuno: umayambira kwa woona za maso pachipatala cha boma, iye n'kukutumiza ku zipatala zazikulu za maso, monga cha Lions Sight First pa Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza boma.

Katswiriyo anagwiritsa ntchito makina otchedwa OCT. Makinawa amajambula letina ndi kuwala, osakhudza diso, ndipo chithunzi chake chimaoneka ngati mwadula buledi n'kuyang'ana m'mbali mwake. Makyula abwino amakhala ndi kadzenje kosalala pakati. Awo anali otukuka ngati kachulu, pansi pake pali timatumba takuda. Timatumba takudato ndi madzi. Diso lamanja linali ndi duluzeni okhaokha, lopanda madzi. Munthu mmodzi, diso lina lonyowa, lina louma.

Mankhwala ochokera ku khansa

Mu 1989 wasayansi wina wa ku Italy wogwira ntchito ku America, Napoleone Ferrara, anapatula puloteni ya VEGF n'kuifotokoza. Maganizo ake ndi anzake anali pa khansa: chotupa sichingakule popanda mitsempha yochidyetsa, ndiye mukatseka pakamwa VEGF mwachimana chakudya. Anapanga mankhwala amene amagwira VEGF n'kuimanga kuti isafikitse uthenga wake. Mankhwalawa, otchedwa Avastin, analoledwa mu 2004 pochiza khansa ya m'matumbo. Mu 2005 dokotala wa maso wa ku Miami, Philip Rosenfeld, anabaya kadontho kake m'diso la wodwala makyula onyowa, ndipo madzi anaphwa. Mu 2006 kunabwera Lucentis, mankhwala a mtundu womwewo opangidwira diso, ndipo mu 2011 kunabwera Eylea.

Kafukufuku wamkulu wa Lucentis amene anasindikizidwa mu 2006 ndi amene anasintha zinthu. Patatha chaka, mwa odwala 100 obayidwa mwezi ndi mwezi, pafupifupi 95 sanataye mizere itatu ya pa tchati, pamene mwa osalandira mankhwala anali 62 okha. Ndipo mmodzi mwa atatu alionse obayidwa mlingo umene ukugwiritsidwa ntchito lero anawonjezera mizere itatu. Muwerenge manambalawa mosamala. Pafupifupi onse anasunga zimene anali nazo, koma amene anabwezeredwa zambiri ndi ochepa. Ntchito yaikulu ya jakisoniyu ndi kuteteza.

Kwa ife nkhani ya mtengo ndi yaikulu. Lucentis ndi Eylea ndi odula kwambiri. Avastin amabwera m'kabotolo ka odwala khansa, ka mamiligalamu 100 m'mamililita 4, pamene diso limafuna mamiligalamu 1.25 okha m'mamililita 0.05. Tagawani 4 ndi 0.05: mupeza 80. Ena amatayika pogawa, komabe kabotolo kamodzi kamathandiza maso ambiri, bola kugawako kuchitike pamalo opanda tizilombo ngakhale pang'ono. Mu 2011 kafukufuku wa ku America anasonyeza kuti Avastin ndi Lucentis amathandiza kuona mofanana, ndipo mu 2013 bungwe la WHO linaika mankhwala a Avastin pamndandanda wa mankhwala ofunika a maso. Jakisoni yemweyu amathandizanso makyula otupa chifukwa cha matenda a shuga, amene akuchuluka kuno kwathu.

Singano m'diso?

Ndikanena zimenezi m'kalasi, theka la ophunzira limagwira kumaso. Funso limene limabwera nthawi zonse n'lakuti bwanji osangomwa mapiritsi kapena kudonthezera. Mankhwalawa ndi puloteni yaikulu. Mukamwa, m'mimba mumaigaya ngati nyama. Mukadonthezera, siingadutse khoma la diso n'kufika kumbuyo. Mukabaya mumtsempha wa pamkono pamafunika mlingo waukulu, ndipo kutseka VEGF thupi lonse kumakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuchedwetsa mabala kupola. Njira yachidule ndi kuika kadontho kamodzi m'madzi olimba ngati phala la chinangwa amene amadzaza m'kati mwa diso, pafupi ndi letina penipeni.

Zimachitika chonchi. Wodwala amagona chagada, ali maso. Amamudonthezera mankhwala ochititsa dzanzi. Kenako amatsuka diso ndi zikope ndi mankhwala a ayodini, ndipo gawo limeneli ndi lofunika kuposa ena onse chifukwa ndilo limapha tizilombo. Amaika kachitsulo kogwira zikope kuti asaphethire, n'kumuuza kuti ayang'ane kumbali. Dokotala amayeza mamilimita 3.5 mpaka 4 kuchokera pamalire a gawo lakuda la diso, kulowera pa loyera. Muyesowu si wachibwana. Ukabaya kutsogolo kwa pamenepo ugunda kagalasi ka diso n'kuyambitsa ng'ala. Ukabaya kumbuyo uboola letina. Pakati pake pali kamsewu kopapatiza kopanda zonse ziwiri, ndipo singano yopyapyala kwambiri imadutsa pamenepo. Kubaya kwenikweniko ndi masekondi ochepa. Pomaliza dokotala amaonetsa zala kuti wodwala awerenge, pofuna kutsimikiza kuti kadontho kowonjezerako sikanapanikize mtsempha wodyetsa letina.

Atelala aja atabwera ndinawafunsa ngati zinapweteka. "Ayi, ngati munthu wakukankha ndi chala. Koma ayodini uja, iii, tsiku lonse ngati muli mchenga."

Chifukwa chake amabwerezabwereza

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi. Mankhwalawa sapha mitsempha yoipa ija, ndiponso sachotsa njala ya okosijeni imene inayambitsa vuto. Amangogwira VEGF imene ilipo. Mitsempha imaleka kuchucha, imafwapa, madzi amaphwa, makyula amabwerera pamalo pake. Koma diso limachotsa mankhwalawo pang'onopang'ono: pa sabata imodzi kapena masiku 10 alionse amatsala theka. Tawerengani nokha, kuyambira pa 1.25, kenako 0.63, kenako 0.31, kenako 0.16, kenako 0.08. Pakatha mwezi ndi masabata angapo atsala ochepa zedi, pamene maselo akupitiriza kutulutsa VEGF yatsopano. Zili ngati kukapa madzi m'chitsime cha kudimba: mukaleka, amadzadzanso.

N'chifukwa chake amayamba ndi majakisoni atatu, mwezi ndi mwezi. Pambuyo pake madokotala ambiri amatsata njira yotalikitsa: OCT ikasonyeza kuti mwauma, amabaya n'kuwonjezera masabata awiri pa nthawi yodikira, kuchoka pa 4 kufika pa 6, pa 8, mpaka 12. Madzi akaonekanso amafupikitsa. Ambiri amafunika majakisoni 7 kapena 8 chaka choyamba, ndipo ena amapitiriza zaka zambiri.

Atelala athu atabayidwa katatu anachoka pa 6/36 kufika pa 6/18, mphuthu ya chitseko inawongoka, anabwerera pamakina. Kenako dzinja linafika. Ndalama inapita ku feteleza wa mbatatesi, minibasi inakwera mtengo, ndipo ulendo uliwonse unkafuna anthu awiri, iwo ndi mdzukulu wowaperekeza. Diso linkaona bwino, ndiye anati adikire kaye. Anadumpha miyezi inayi. Pobwerera, madzi anali atadzadzanso ndipo pambali panali patayamba kachipsera. Anayambiranso majakisoni, madzi anaphwa, koma diso linaima pa 6/24. Mzere umodzi umenewo sunabwerere. Sindiwaweruza, pakuti ndalama ya ulendo si nkhani yamasewera. Koma banja likamayamba chithandizochi liyenera kudziwiratu kuti likuwerengera maulendo a chaka chonse, osati atatu.

Jakisoniyu ali ndi zoopsa zake. Kadontho kofiira pa gawo loyera la diso, kuyabwa kwa tsiku limodzi, ndi timadontho takuda toyandama n'zachizolowezi ndipo zimatha zokha. Choopsa chenicheni ndi tizilombo kulowa m'kati mwa diso. Zimachitika kamodzi pa majakisoni masauzande angapo, koma zikachitika diso likhoza kutayika m'masiku ochepa. Chizindikiro chake ndi ichi: m'malo mopepuka, diso likuwawa mowonjezereka pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachisanu, likufiira lonse, kuona kukuchepa, kuwala kukupweteka. Zikatero ndi kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira deti la pakhadi, osathira mankhwala azitsamba kapena mkaka wa m'mawere.

Nanga diso louma lija?

Jakisoni wotseka VEGF sathandiza mtundu wouma, chifukwa mulibe mtsempha wochucha woti auletse. Mu 2023 ku America analola majakisoni ena atsopano amene amachedwetsako kukula kwa timadazi tija, koma sabwezera kuona, ndipo maiko a ku Ulaya sanakhutire nawo. Mapiritsi a mavitamini C ndi E, zinki ndi zina amachepetsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi mwayi woti nthenda yapakatikati ifike poipa. Kwa munthu wopanda nthendayi sateteza kanthu, choncho musagulire agogo popanda dokotala kuwayeza.

Chimene chili m'manja mwathu kwambiri ndi fodya. Wosuta ali pa chiopsezo chowirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi wosasuta, kaya ndi ndudu ya m'sitolo kaya chingambwe. Atelala aja anasiya chifukwa cha diso lamanja, limene ndilo likuwadyetsa tsopano. Komanso chikasu chija cha makyula chimachokera m'zakudya. Thupi silipanga lokha, limachitenga m'ndiwo zamasamba obiriwira monga bonongwe, nkhwani ndi chisoso, m'chimanga chachikasu ndi m'chikasu cha dzira, n'kuchiunjika pamakyula kuti chizisefa kuwala kowononga.

Diso louma limafunanso mlonda, chifukwa likhoza kusanduka lonyowa. Chida chake chinapangidwa ndi dokotala wa ku Switzerland, Marc Amsler, m'zaka za m'ma 1940, ndipo mukhoza kuchipanga ndi pepala la gilafu la masamu. Jambulani bokosi la masentimita 10 mbali zonse, mizere yake italikirane theka la sentimita, muidetse bwino ndi cholembera chakuda, ndipo muike kadontho kakakulu pakati. Agogo akhale powala, avale magalasi awo owerengera ngati ali nawo, agwire pepalalo pa mtunda wa lula imodzi ya masentimita 30. Atseke diso limodzi ndi chikhatho, linalo liyang'ane pa kadontho kokha. Afunseni: "Agogo, ngodya zonse zinayi mukuziona? Pali mzere wokhota? Pali pamene mabokosi asowa?" Kenako diso linalo. Lembani deti ndi zimene anena kuseri kwa pepalalo, muzibwereza sabata iliyonse.

Kapepalaka sikagwira zonse, ndipo sikalowa m'malo mwa dokotala. Koma ngati mzere umene unali wowongoka Lamlungu lapitali lero wakhota, pitani nawo kuchipatala sabata yomweyo, pepalalo lili m'thumba. Mukafika musangoti "agogo saona bwino", chifukwa mawu amenewo amanenedwa ndi aliyense pamzerepo. Nenani kuti ndi diso liti, kuti mizere yowongoka ikuoneka yokhota, ndiponso kuti zayamba masiku angati apitawo.